Udzu Wanga pa Chigafa cha Alamu

Ukwati wanga wa ku Bowe utatha, ndinabwerera kwathu ndi ana aakazi awiri, ndowa, mphasa, ndi nkhuku imodzi yomanga miyendo. Za ukwatiwo musandifunse, zinatha ndipo zinatheratu. Mudzi wathu uli kumapiri a ku Ntchisi, kumene msewu ukangolawa mvula ngakhale njinga yamoto imayenda chokankha. Amayi anali atamwalira kale, nyumba yawo ili chitsekere. Atsibweni, mlongo wawo wa amayi, anandilozera nyumbayo ndi ndodo yawo.

"Ndi iyo," anatero. "Ukaisamala ndi yako ndi ana akowa. Koma za denga usayang'ane ine, mawondo anga anatha."

Ndinalibe kwina kolowera. Nyumba imeneyo ikanalephereka, chotsala chinali kukagona kukhitchini kwa akulu anga ndi kumadya zowapempha, ndipo ine ndinali nditalumbira mumtima kuti bola kugona m'phanga.

Inali nyumba yamdindo, ya dothi lotsindira, yomanga malemu abambo. Khoma lake linali lochindikala, lopanda ndi mng'alu womwe. Koma khoma ladothi limadalira denga. Denga likamadontha kapena likafupika kukhonde, dothi limamwa madzi n'kubwerera kumene linachokera. Abambo ankazidziwa zimenezi, moti denga lawo linali loima, losongoka, lakuti mbuzi singayerekeze kukwerapo, ndipo linkatsika mpaka munthu wamtali kuwerama polowa pakhonde. Chaka ndi chaka mvula isanayambe ankakwera n'kutsekera pamene papyapyala, makamaka pamsonga pamene mphepo imakonda kusasula. Pakapita zaka zitatu kapena zinayi ankachotsa udzu wonse, kuyang'ana mapaso ngati chiswe chalowa, n'kufolera mwatsopano. Abambo atatisiya, amayi ankangopempha anthu kuponyerapo udzu pamwamba pa wakale. Mmene ndinkafika ine, dengalo linali lakuda bii, lomera ndere, ukalowetsa dzanja umatulutsa manyowa enieni oti n'kuthira m'dimba.

Kuseri kwa khola kunali nyumba yamalata ya akulu anga, mkazi woyamba kubadwa m'mimba mwa amayi. Amuna awo, alamu anga, anali mkamwini wochokera cha ku Dowa, mlimi wa fodya, munthu wa mawu okoma ngati uchi koma maso ali pa zinthu za eni. Nyumba ya amayi ankasungiramo feteleza ndi ziguduli, ndipo kubwera kwanga kunawatulutsitsa katundu yense. Ankangoseka n'kumandiitana kuti "mkazi wanga wamng'ono," monga amachitira alamu pocheza, koma ine nthabwala imeneyo inkandinyansa ngati ntchentche m'thobwa.

Kwathu kumweta udzu ndi ntchito ya amayi, kukwera padenga ndi ya abambo. Mkazi akakwera padenga ndiye kuti watukwana amuna onse a pamtundu pake, wauza mudzi kuti kwawo kulibe mwamuna. Mlongo wanga anakwatira kutali, cha ku Dzaleka, ndipo foni yake imalira ngati ya munthu wakufa. Atsibweni ndi aja a mawondo. Mwamuna wokwera padenga langa anali mmodzi basi, alamu. Ndinapita kukawapempha mwaulemu, nditagwada, akulu anga ali pomwepo akusenda mtedza.

"Aaa, zazing'ono zimenezo," anatero alamu. "Inu mwetani udzu. Denga ndi la ine."

Ndinamweta. Ndinayamba nyengo yachisanu, udzu utauma ndiponso njere zake zitayoyoka, chifukwa udzu wauwisi umawola usanaone n'komwe Khirisimasi. Sindinkafuna tsekera, uja wonenepa womangira mipanda, amene madzi amangodutsa pakati pake. Ndinkafuna udzu wowonda, wautali, wowongoka, ndipo umenewo masiku ano sumera pafupi. Paliponse anthu analima. Ndinkakwera phiri mpaka kumiyala, chisanu chikuluma makutu, zenga m'manja. Zala zinang'ambika. Tsiku lina ndinagwera m'chitedze, ndinabwera ndikudzikanda msewu wonse ngati wamisala, ana a sukulu akundiseka. Mtolo uliwonse ndinkaukutumula ndi kuupesa ndi zala kuti masamba ndi zinyalala zichoke, chifukwa zimenezo ndizo zimasunga madzi padenga. Ndikafika nawo kunyumba ndinkausanjika pathandala, pamwamba, kuti chiswe chisaupeze. Amayi anzanga ankaima n'kumati, "Koma udzu uwu ndiye ufolera tchalitchi!" Ndinkasangalala, sindibisa. Ndinadulanso nsungwi zopingasa pamapaso, ndipo atsibweni anandipatsa luzi lawo la mombo limene ankasunga kutsindwi.

Kenako mwana wanga wamng'ono anadwala chifuwa chobanika. Ndinathamanga naye kuchipatala ku boma, ndipo anatigoneka masiku angapo. Wamkuluyo ndinamusiya kwa akulu anga. Mwana atachira tinabwerera, ndipo ndisanalowe n'komwe m'nyumba maso anga anagwera pathandala. Mayo ine! Mulu uja unali utatsika mpaka m'chiuno. Wotsalawo unali uja waufupi umene ndinaika pansi kuti ndidzatsekere mipata. Nditatembenuka ndinaona, kumunsi kwa nyumba yamalata, chigafa chatsopano chachitali, chofoleredwa bwino, udzu wake ukuwala mbee padzuwa. Ndinaudziwa ngati mmene mayi amadziwira mwana wake pagulu.

Ndinatsitsa mwana kumsana n'kulunjika komweko. Alamu anali pansi pa chigafacho akusema mitengo yopachikira fodya.

"Alamu, udzu wanga uli kuti?"

"Mwabwerako? Mwana ali bwanji?"

"Mwana ali bwino. Udzu wanga."

"Aaa, ndangobwereka pang'ono. Si tonse amodzi? Fodya ameneyu akadzagulitsidwa ana anunso adzadya."

"Mwabwereka kwa ndani? Kwa thandala? Linakuyankhani kuti tengani?"

Akulu anga anatuluka m'khitchini chikho chili m'manja. "Iwe, usamalankhule choncho ndi alamu ako. Udzu ndi chinthu choti n'kukwezera mawu? Ukamweta wina."

Wina kuti? Ndinawalozera phiri. Lonse linali lakuda, osaka mbewa atalitentha kale, utsi ukufukabe m'makwawa. Akulu anga anabadwira pomwepo, ankadziwa bwino lomwe kuti moto ukadutsa udzu umadikira chaka chamawa. Ndinawauza kuti manyazi alibe, onse awiri. Ndinawauza kuti munthu wakuba nkhuku ndi wabwinoko, chifukwa sabera mwana ali pa bedi lachipatala. Alamu anangopitiriza kusema, akuimba kamluzu.

Ndinayendayenda m'mphepete mwa madimba kutola udzu wotsalira, wosakanikirana ndi tsekera, wina waufupi ngati tsache. Alamu nawo anayamba kuzengereza. Lero ali ku nazale ya fodya, mawa ali kumaliro, mkuja msana. Mitambo inayamba kusonkhana cha kummawa, nyerere zikutuluka, anthu onse atafolera kale. Ndinapita kwa atsibweni kukadandaula, iwo n'kuwaitanitsa alamu. Apo m'pamene anabwera, ndi mnzawo wina womwa naye, nkhope zili ndwii.

Ndinachita zonse zimene mwininyumba amachita. Ndinaphika thobwa. Nkhuku yanga ija, imene ndinachoka nayo ku Bowe, ndinaipha. Luzi ndinaliviika m'madzi kuti lifewe. Iwo anakwera n'kugwetsa udzu wakale wonse, fumbi ndi mwaye zili kobo, makoswe akuthawira uku ndi uku. Mapaso ataonekera, zinapezeka kuti nsonga zake zakumunsi, zotulukira kukhonde, zinali zofumbwa, ndipo mizati iwiri yonyamula mtanda wapamwamba inali itadyedwa ndi chiswe kutsinde. Pamenepo munthu woona amadula mitengo ina yaitali. Atsibweni anali atanena kale kuti bulugama wawo alipo, adule. Koma alamu anatenga chikwanje n'kudula kofumbwako, phaso lililonse kulifupikitsa, mizati nayonso kuidula kutsinde n'kuiimikanso yomweyo.

Aliyense wokulira m'nyumba yaudzu akudziwa chotsatira. Mapaso akafupika koma nyumba ili ndi kukula komwe kuja, kuti afike pakhoma ayenera kugona. Mtanda unatsika. Denga la abambo lija losongoka linasanduka chinthu chophwatalala ngati lichero lovundikira. Kukhonde mapaso ankangosuzumira pang'ono kunja kwa khoma, nsanamira za khonde zitatsala zokha zikuloza kumwamba popanda chonyamula.

"Alamu, denga ili lagona," ndinatero ndili pansi.

"Ndi mmene akumangira masiku ano. Zosongoka zija n'zachikale."

"Madzi nawonso ayamba kuyenda mwa masiku ano?"

Mnzawo uja anaseka, alamu ayi. Anandiyang'ana ali pamtanda n'kunena kuti, "Mlamu, udzu wanuwu ndi wochepa. Denga loima limadya udzu. Ndikupangirani loti ukwane, inu mukulongolola."

Ha! Anandibera udzu, ndiye akudula nyumba ya amayi kuti ilingane ndi zimene anasiya! Ndinawauza kuti atsike, aleke, ndikapeza wina. Akulu anga anandikoka mkono. "Wina wake ndani? Ukawakwiyitsa akatsika, ugona pamtetete ndi ana. Mitambo iyi sukuiona?" Ndinayang'ana kumwamba, ndinayang'ana nyumba ili yosavala, ndinatseka pakamwa. Mpaka lero kutseka pakamwa kumeneko kumandiwawa kuposa chitedze.

Kafoleredwe kake nakonso kanali kamwano. Abambo ankayambira kumunsi, mzere woyamba matsinde a udzu ataloza pansi, n'kuupana ndi nsungwi yowonda, kumanga luzi lolowa mpaka kuphaso n'kukoka mpaka nsungwi kulira. Mzere wachiwiri unkaphimba mfundo za woyamba, wachitatu za wachiwiri, kukwera choncho mpaka pamsonga, pamene ankapinda udzu wautali mbali zonse n'kuumanga kolimba. Luzi silinkaoneka kunja, mvula sinkalipeza. Alamu anayamba ndi kuyala pepala lakuda la pulasitiki, lochotsa pachigafa chawo chakale, lobooka ngati sefa, lothetheka ndi dzuwa. Pamwamba pake ankangomwaza udzu ngati akuyalira ng'ombe, uku matsinde pansi, uku matsinde m'mwamba, kumanga apa ndi apo, kwinako kupsinja ndi zipika. Ine ndinkawaponyera mitolo misozi ili m'maso. Dzuwa lisanapendeke anali atatsika, akutafuna nkhuku yanga. Luzi loposa theka linatsala m'beseni.

Ndinatola chitsononkho n'kuchiponya padenga, iwo akuona. Padenga la abambo chikanagubuduka n'kundigwera kumapazi. Chinangofika n'kukhala phee, ngati chapeza kwawo.

"Mwaona?" ndinatero.

"Mvula si chitsononkho," anatero alamu akutsuka m'manja.

Mvula yoyamba inabwera masana, yamphepo. Udzu wosamanga uja unatukuka mbali yakummawa n'kuulukira m'munda. Madzi m'malo motsetsereka ankaima, kulowa mu udzu, n'kukasonkhana papepala. Pepalalo linatupa pakati pa mapaso, mimba zakuda zili lende pamwamba pa mitu yathu, kenako imodzi inaphulika n'kukhuthulira madzi onse pa ufa. Ndowa, mapoto, mbale, ngakhale chigubu chodula, zonse zinakhala zotchera madzi. Kunja nako, popeza khonde linatha, madzi ochoka padenga ankatsika ndi khoma lenilenilo, ena kugwera patsinde pake n'kumakumba. Ndinakumba ngalande kuzungulira nyumba. Ndinamata dothi patsinde, mvula n'kuchotsa, ine kumatanso. Ndinaimika mapesi ndi masamba a nthochi kutchinga khoma lakummawa. Zonsezo kunali kutunga madzi ndi dengu.

Pofika mwezi wa Januwale m'nyumba munkanunkha chuku. Zofunda sizinkauma. Udzu padenga unayamba kuda ndi kumera bowa ting'onoting'ono, chaka chake choyamba chomwecho. Mwana wamng'ono uja chifuwa chinayambiranso. Khoma lakummawa linasintha mtundu kuchokera pamwamba mpaka pakati, ndipo ukalikanikiza ndi chala, chala chinkalowa.

Ndinabwereranso kwa atsibweni. Anawaitana alamu ndi akulu anga pansi pa mtengo wa mango, ine ndili apo. Alamu anafika atavala nkhope ya munthu wa mapemphero.

"Atsibweni, ine ndinathandiza mwaulere. Mutu umodzi susenza denga, n'chifukwa chake ndinasiya ntchito zanga. Lero ndalakwanso? Udzu ndidzabweza ukamera. Pakali pano fodya wayamba kupsa, sindingasiye."

"Ukamera nyumba idzakhala ilipo?" ndinafunsa.

Atsibweni anakanda pansi ndi ndodo. Anali munthu wokalamba, ndipo sopo ndi mchere wawo zinkachokera kunyumba yamalata, aliyense ankadziwa. Anati tipirirane, ndife amodzi, mvula ikatha tidzakonza. Akulu anga ndiwo anamaliza nkhani. Anati, "Vuto lako iwe ndi mtima. Ndi umene unakuchotsa ku Bowe. Munthu wobwera ndi mphasa yokha samasankha denga."

Mawu amene anali pakamwa panga akanatuluka, atsibweni akanakomoka.

Mu Febuluwale mng'alu unatseguka pangodya yakummawa, kuchokera pamwamba, woti dzanja la mwana n'kulowa. M'mawa umenewo ndinaima pabwalo n'kuyang'ana mudzi wonse. Kuphiri udzu unali wauwisi, wobiriwira, wopanda ntchito. Udzu wabwino wouma m'mudzi monsemo unali pamalo amodzi okha, ndipo unali wanga. Pansi pake fodya wa alamu anali lende, mizere mizere, akuyamba kufiira bwino, osadonthedwa ndi dontho limodzi. Sanayalemo n'komwe pepala, chifukwa udzu wanga unali wokwana pawokha. Fodya ali pouma, ana anga akugona pamatope.

Alamu ndi akulu anga anali atatsikira kumunda wakudambo kukathyola fodya wina. Ndinamanga chitenje pakati pa miyendo, ndinatenga chikwanje, n'kukwera chigafacho pa mtengo wa mphanda wapangodya. Ndinkaopa, sindinakwerepo chiyambire. Koma nditadula luzi loyamba mantha anatha. Ndinaona mmene anamangira pamenepo, mzere ndi mzere, mfundo zobisika, zolimba zoti chikwanje n'kudumpha. Kufolera ankakudziwa bwino, galu ameneyo! Pamwamba udzu unali wonyowa, koma m'kati unali wouma, wonunkhira phiri. Ndinayamba pamsonga kutsika, kumasula ndi kuponya pansi.

Amayi a kumjigo anatula ndowa. "Iii, tabwerani mudzaone! Mkazi padenga!" Wina anakuwa kuti nditsike ndikuchititsa manyazi mtundu. Wina anati ndapenga. Ndinawayankha ndili pamwamba pomwepo kuti amene ali ndi mwamuna wapadera andibwereke, amene alibe atseke pakamwa. Atsibweni anatuluka n'kuima patali atagwira kukamwa. Palibe anayandikira. Ndinasasula mbali imodzi yonse, imene ndinaona kuti ikukwana udzu umene ananditengera, inayo ndinaisiya. Ine si wakuba.

Ndinatuta mitolo ndekha mpaka kunyumba, ndinakwera padenga langa pa mtondo wa amayi ndi pazenera. Padenga logona choncho ngakhale nkhalamba ikhoza kuyendapo. Ndinakankhira pansi udzu wowola umene ndinatha kuchotsa, n'kuyamba kumunsi monga ankachitira abambo, matsinde pansi, nsungwi pamwamba, luzi lotsala lija kulowetsa ndi kamtengo kosongola n'kulikokera ndi mano. Mzere woyamba ndinautulutsa kunja kwambiri kuti utchinge khoma, koma popanda mapaso ounyamula unkangolendewera. Ndinaunjika udzu wochindikala, poganiza kuti kuchindikala kulowa m'malo mwa kutsetsereka. Kukweza mtanda ndekha sindikanatha, ndipo mwamuna woti agwire udzu wa mkangano m'mudzimo panalibe.

Mvula inafika dzuwa litapendeka, ine ndili pamsonga. Ndinaona alamu akuthamanga kuchokera kudambo, fodya atataya m'njira, akulu anga ali pambuyo manja kumutu. Analowa m'chigafa n'kuyamba kukokera fodya mbali yofolera, ena kumuphimba ndi ziguduli, ndi zitenje, ndi malaya awo omwe. Koma mvula ya Febuluwale siyembekeza munthu. Fodya wouma pang'ono akanyowa amada n'kuwola, ndipo wambiri anatero. Alamu anabwera pansi pa nyumba yanga ali matope okhaokha, chala chikuloza ine.

"Mfiti iwe! Wandipha! Chaka chonse chathera pamenepa!"

Ulemu wa "inu" unali utathawa. Nanenso ndinautaya. "Wabwereka udzu, ndabwera kudzatenga. Si tonse amodzi?"

Akanakhala ndi mwala akanandigenda. Akulu anga sanatukwane. Anangondiyang'ana nthawi yaitali, madzi akuyenderera kumaso, n'kutembenuka. Anthu ena mpaka lero amati ndikanapepesa. Ndipepese chiyani? Sindinapepese ndipo sindidzapepesa.

Masiku awiri atatu m'nyumba munasiya kudontha. Ana anagona pouma, ine ndinayamba kuyenda mutu uli m'mwamba. Kenako kunagwa mvumbi, mvula ija yosaleka, yongonyenyeka usana wonse kwa sabata yathunthu, phiri osaoneka. Padenga logona udzu wochindikala suuma. Unamwa madzi, unalemera, mapaso anayamba kupindika pakati ndi kukankhira makoma kunja. Ndinkamva matabwa a chitseko akulira, chitseko chikukana kutsekeka. Ndinachirikiza mtanda ndi mtengo wina m'kati, khoma lakummawa ndi mitengo iwiri kunja. Mng'alu uja unakula mpaka nkhuku za eni kumasuzumiramo. Alipo amene amati ndinaigwetsa ndekha nyumbayo ndi kulemera kwa udzu. Anene. Khoma linali litamwa madzi miyezi itatu ine ndisanakwere, ndipo amene anadula mapaso akudziwika.

Linagwa m'mawa, Mulungu n'ngwabwino, tili panja. Ndinali nditatulutsa ana kuti akakhale pansi pa nkhokwe, ine ndikutulutsa ufa ndi zofunda chifukwa dothi linali litayamba kuyoyoka lokha. Ndinangomva khuu, osati mokweza n'komwe. Khoma lakummawa linakhala pansi, denga n'kulitsatira mbali imeneyo, mtanda uli m'mwamba ngati mchira. Khoma la abambo, limene linapirira zaka zonse za ubwana wanga, linali phala lofiira likuyenderera m'ngalande yanga yomwe ija. Ndinakhala pamtondo mvula ikundinyowetsa. Sindinalire, mkwiyo unali utaumitsa misozi.

Anthu anasonkhana, manja kumbuyo, akuti pepani, pepani, ena akunong'onezana. Alamu sanabwere, anaima pakhonde lawo lamalata akusuta. Amene anabwera ndi akulu anga, atafunda thumba la feteleza kumutu. Anadutsa pafupi nane osandiyang'ana, anazungulira chigumukirecho, n'kukaima pankhokwe pamene ana anali atakumbatirana, wamng'ono akutsokomola.

"Ana awa ndi a amayi," anatero, akulankhula ndi atsibweni ngati ine palibe. "Abwere akagone kwathu. Koma uyu asaponde pakhomo panga."

Ndinaimirira. Pakamwa panga panali podzaza, ndinali ndi mawu okwana iwo, amuna awo, ndi malata awo omwe. Ndinati ndinene kuti ana anga sapita kunyumba ya mbala, agona pamene ndigone ine. Mwana anatsokomolanso, chifuwa chija chokoka ngati chikung'amba nthiti. Ndinayang'ana kumwamba, mvumbi sunkaonetsa zoleka.

Ndinapinda mphasa ndi bulangete louma limene linatsala n'kumusenzetsa wamkulu. Wamng'ono anandigwira chitenje, akufunsa ngati nanenso ndikubwera. Ndinamasula zala zake chimodzichimodzi n'kupereka dzanja lake kwa akulu anga.

"Pita," ndinatero. "Kumeneko sikudontha."